Kulowetsa Nyanja ya Chilwa M'mawu 60

M'chipinda cha mayeso a MSCE muli nthawi ina imene milomo ya ophunzira imayamba kugwedera popanda liwu. Cholembera chasiya kulemba, chikungodumpha pamwamba pa mawu, mwini wake akuwerenga chamumtima: 58, 59, 60, 61. Akafika pamenepo nkhope imagwa, chifukwa ndime yachitatu ya nkhani sanaikhudze n'komwe, koma malire adutsa kale. Ena amayamba kufufuta mawu apa ndi apo mpaka pepala kuda bii. Ena amangodula chiganizo pakati, n'kuika mpumiro, n'kupita ku funso lina.

Funso limene limawazunza chonchi ndi la chifupikitso. Limapezeka pa mayeso a Chichewa ndi a Chingerezi omwe, amene bungwe la MANEB la ku Zomba limakonzera ophunzira a Fomu 4. Mawu a funsolo ndi ochepa: wophunzira afupikitse nkhani m'mawu akeake, osachepera chiwerengero chakuti komanso osapitirira chakuti. Pa pepala la Chingerezi malire odziwika bwino ndi mawu 70 mpaka 100. Zofunika zilipo zitatu m'funso limodzi, ndipo zimakokana. Mfundo zikuluzikulu zonse zikhalemo, mawu akhale a wolembayo, ndipo chiwerengero chisaphonye.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti vuto lawo ndi kuwerenga mawu. Vuto lenileni limayamba kale, pamene ayamba kulemba maso ali pa nkhaniyo. Munthu amene akulemba akuyang'ana chiganizo cha mwini nkhani amakopa, ngakhale asakufuna, ndipo wokopa amatha mawu ake asanafike pakati. Njira yabwino yoonera zimenezi ndi kutsata nkhani imodzi kuyambira pachiyambi mpaka chifupikitso chitatha.

Nayi nkhani ya mawu 195 yomwe mphunzitsi angapereke m'kalasi, n'kunena kuti ifupikitsidwe m'mawu osachepera 50 komanso osapitirira 60.

"Nyanja ya Chilwa, yomwe yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira madzi m'nyanjayi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulutsa madziwo. Nyanjayi ndi yosaya, moti dzuwa likaswa mtengo madzi ambiri amauma.

"Anthu zikwizikwi amadalira nyanjayi. Asodzi amapha matemba, milamba ndi makumba, ndipo ena amagona m'zimbowera masiku ambiri osaponda kumtunda. Amayi amayanika ndi kuwamba nsombazo n'kukagulitsa ku Zomba, ku Limbe ndi kwina. Ena amalima mpunga m'madambo, ena amatchera mbalame, ena amawolotsa anthu pabwato kuchokera pa Kachulu kupita pachilumba cha Chisi. Kunena zoona, nyanjayi ndi nkhokwe ya anthu a m'derali.

"Koma nkhokweyi imatha kukhala pululu. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imaphwa, monga zidachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Kudula mitengo m'mapiri momwe mitsinje imachokera komanso kulima m'mphepete mwa mitsinjeyo kwawonjezera vutoli, chifukwa dothi lokokoloka limakwirira nyanja. Madzi akaphwa, mabwato amangoti mbwee pamatope ong'aluka, asodzi amasamukira kunyanja zina, ndipo mabanja amasowa pogwira.

"Ngakhale zili choncho, mvula ikabwera yokwanira nyanja imadzazanso. Nsomba zomwe zidabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'zithaphwi zimaswana, usodzi n'kuyambiranso. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza anthu kubzala mitengo, kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kuleka kupha nsomba nyengo yoswana. Paja madzi akatayika saoleka."

Wophunzira wothamanga amayamba ndi ndime yoyamba, n'kuikopera yonse poganiza kuti choyamba ndicho chofunika. Ndime imeneyo yokha ili ndi mawu 44. Watsala ndi mawu 16 oti anenere za asodzi, za kuphwa kwa nyanja, zifukwa zake, zotsatira zake, kubwerera kwa madzi ndi malangizo a akatswiri. Sizingatheke. Wochonga akaliona pepala lotere sataya nthawi: mutu wake ndi waukulu, miyendo palibe, ndipo mawu onse ndi a eni ake. Wophunzirayo wataya malikisi kawiri, pa mfundo zosowa ndi pa kukopa.

Mnzake wodekha amayamba wawerenga nkhani yonse kawiri, cholembera chili pansi. Ulendo woyamba akungofuna kudziwa kuti nkhaniyi ikukamba za chiyani. Ulendo wachiwiri akufunsa ndime iliyonse funso limodzi: kodi ndimeyi yabwera kudzanena chiyani? Akatero amayesa kunena nkhani yonse m'chiganizo chimodzi, ngati akuuza mng'ono wake amene sanaiwerenge. Pa nkhani ya Chilwa chiganizocho chingakhale chakuti nyanja yomwe imadyetsa anthu ambiri imauma nthawi zina, ndipo anthu angathe kuchepetsa vutolo. Chiganizo chimenechi sichilowa m'chifupikitso momwe chililimu. Ntchito yake ndi ya lichero. Chilichonse cha m'nkhani chimapetedwa nacho, chotsala ndi mfundo, chouluka ndi mankhusu.

Kupeta kumeneku n'kumene kumawawa, chifukwa mankhusu a nkhani ndiwo amakoma kuwerenga. Zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pamadzi, ndi chinthu chimene wowerenga sangachiiwale. Mabwato ongoti mbwee pamatope ong'aluka amaoneka m'maso. Koma zonsezi zabwera kudzachitira umboni mfundo ina yomwe yanenedwa kale. Kuti munthu adziwe ngati chinthu ndi mfundo kapena chokometsera, achiphimbe ndi chala n'kuwerenga nkhaniyo popanda icho. Akaphimba zimbowera, nkhani ikuyendabe. Akaphimba chiganizo chonena kuti mvula ikavuta nyanja imaphwa, ndime yachinayi imasanduka yosamveka, chifukwa nyanja singadzazenso isanaphwe. Chimene chagwetsa nkhani pochichotsa ndicho mfundo.

Nkhaniyo imathandizanso yokha kwa amene amamva mawu ake. Liwu lakuti "monga" limatsegulira zitsanzo, ndipo chotsatira pambuyo pake kawirikawiri chimatha kutsala: maina a mitsinje inayi, zaka zitatu zija. Mawu akuti "kunena zoona" amachenjeza kuti wolemba akubwereza zimene wanena kale, ndipo n'zoonadi, nkhokwe ija ndi kubwereza kwa "anthu zikwizikwi amadalira nyanjayi". Liwu lakuti "paja" limabweretsa mwambi, ndipo mwambi sulowa m'chifupikitso. Koma mawu monga "koma", "chifukwa", "ngakhale zili choncho" ndi "n'chifukwa chake" ndi pokhotera nkhani. Amene wawadumpha wasochera njira.

Akatha kupeta, wophunzira uja amalemba mfundo zake papepala lapadera, mawu awiri kapena atatu pa mfundo iliyonse, osati ziganizo. Pa nkhani iyi zimatuluka zisanu ndi imodzi: nyanja yosazama yopanda potulukira madzi, anthu ambiri amadyera pomwepo, chilala chimaiumitsa ndipo kuwononga chilengedwe kumawonjezera, umphawi ndi kusamuka, madzi ndi nsomba zimabwerera, malangizo a akatswiri. Mawu 60 akagawidwa pa mfundo zisanu ndi imodzi, iliyonse ilandira mawu pafupifupi 10. Kamasamu kakang'onoka n'kofunika kwambiri. Kamamuuza wolemba asanayambe kuti ndime yoyamba, ngakhale ili ndi mawu 44, siyenera kudya mawu oposa 10 kapena 12.

Kenaka amachita chinthu chimene ophunzira ambiri amachiopa. Amatembenuza pepala la nkhani, kapena kuliphimba ndi dzanja, n'kulemba kuchokera pa timfundo take tokha.

Apa ndi pamene mawu akeake amachokera. Anthu ambiri amamva molakwa lamulo lakuti "m'mawu anuanu". Amatenga chiganizo cha mwini nkhani n'kumasintha liwu limodzilimodzi, "amadalira" kukhala "amayang'anira", "zikwizikwi" kukhala "miyandamiyanda", mafupa a chiganizo n'kukhala omwewo. Kutero ndi kuveka mbuzi ya eni chingwe china. Chiganizo sichifupika, ndipo nthawi zina tanthauzo limapotoka, popeza mawu ofanana safanana pena paliponse. Munthu amene waphimba nkhaniyo alibe chiganizo choti asinthe. Ali ndi ganizo lokha, ndipo ganizolo limatuluka m'kamwa mwake momwe iye amayankhulira. Mawu ena sangasinthike, ndipo palibe chifukwa chowasinthira. Nyanja ndi nyanja, nsomba ndi nsomba, Chilwa ndi Chilwa. Wophunzira amene amavutika kufunafuna dzina lina la mvula akungotaya mphindi zake.

Cholemba choyamba cha wophunzira wodekhayu chingatuluke chonchi:

"Nyanja ya Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi ndipo ndi yosazama komanso ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Anthu ambiri amene amakhala m'derali amapeza zosowa zawo kudzera mu usodzi, malonda a nsomba, ulimi wa mpunga, kutchera mbalame ndi kuwolotsa anthu. Nthawi zina nyanjayi imauma chifukwa cha chilala komanso chifukwa chakuti anthu amawononga chilengedwe, ndipo zimenezi zimachititsa kuti anthu avutike kwambiri. Mvula ikagwa yambiri madzi amabwerera ndipo nsomba zimachulukanso. Akatswiri akupempha anthu kuti asamalire mitengo, mitsinje ndi nsomba."

Mawu ndi 75. Apitirira ndi 15, koma si tsoka ayi. Cholemba choyamba chopitirira pang'ono n'chabwino kuposa choperewera, chifukwa mfundo zonse zilimo ndipo ntchito yatsala ndi yofinya. Chimene sayenera kuchita ndi kudula ziganizo ziwiri zomaliza, ngakhale kutero kukadamufikitsa pa 58 mosavuta. Akadatero akadataya kubwerera kwa madzi ndi malangizo a akatswiri, mfundo ziwiri zathunthu, pofuna kusunga mawu opanda ntchito omwe ali kumtunda.

Mawu opanda ntchitowo amaoneka akawafunafuna chiganizo ndi chiganizo. M'chiganizo choyamba liwu lakuti "nyanja" labwera kawiri, "ndi" kawiri, ndipo "mtsinje wotulutsa madzi" ndi "potulukira madzi" basi. Chikamangidwanso chimatsika kuchoka pa mawu 16 kufika pa 12. Chiganizo chachiwiri ndicho chonenepa kwambiri, cha mawu 22, chifukwa wolembayo wabwereranso ku mndandanda wa ntchito zisanu. "Amene amakhala m'derali" achoke. "Malonda a nsomba" akhale "malonda", "ulimi wa mpunga" ukhale "ulimi", ndipo kutchera mbalame ndi kuwolotsa anthu zilowe m'thumba limodzi la "ntchito zina". Mawu 8 apulumuka pamenepo.

Chiganizo chachitatu chili ndi nthenda yoposa kunenepa, ndipo imaoneka pokhapokha wophunzira atatembenuzanso pepala la nkhani kuti afanizire. Iye walemba ngati chilala ndi kuwononga chilengedwe ndi zifukwa ziwiri zolingana. Nkhani sidatero. Idati mvula ikavuta nyanja imaphwa, ndipo kudula mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje "kwawonjezera vutoli". China ndi gwero, china ndi chowonjezera. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma chifupikitso chimene chasintha kulemera kwa mfundo chanamizira mwini nkhani. Komanso mawu akuti "zimachititsa kuti anthu avutike kwambiri" ndi ambiri koma sakunena kanthu kogwirika. Nkhani idatchula kusamuka kwa asodzi ndi kusowa pogwira kwa mabanja, ndipo zonse ziwiri zimalowa m'mawu anayi: "mabanja n'kusauka, asodzi n'kusamuka". Pomaliza, "akupempha" asanduke "amapempha", popeza nkhani yonse ikukamba zochitika nthawi ndi nthawi, osati za lero lokha.

Chifupikitso chomaliza chimakhala chotere:

"Nyanja ya Chilwa, yachiwiri kukula m'Malawi, ndi yosazama ndipo ilibe potulukira madzi. Anthu ambiri amapeza zosowa zawo panyanjayi kudzera mu usodzi, malonda, ulimi ndi ntchito zina. Komabe nthawi zina imauma chifukwa cha chilala, ndipo kuwononga chilengedwe kumakulitsa vutoli, mabanja n'kusauka, asodzi n'kusamuka. Mvula ikagwa yambiri madzi amabwerera, nsomba n'kuchulukanso. Akatswiri amapempha anthu kusamalira mitengo, mitsinje ndi nsomba."

Mawu ndi 57. Mfundo zonse zisanu ndi imodzi zilimo, m'ndondomeko yomwe zidabwerera m'nkhani, m'ndime imodzi ya ziganizo zathunthu. Chodabwitsa n'chakuti chifupikitso cha mawu 57 chanena zambiri kuposa cha mawu 75, popeza chabweza kusamuka kwa asodzi komwe kudasowa poyamba. Mawu 18 omwe achoka sadapite ndi mfundo ina iliyonse.

Wina angatsutse kuti "yachiwiri kukula m'Malawi" ndi mawu okopa, komanso kuti si mfundo yaikulu. Ali ndi mbali yake. Malire akadakhala mawu 50, atatu amenewa akadakhala oyamba kuchoka. Atsala chifukwa malo alipo ndipo amathandiza wowerenga wosaidziwa nyanjayo. Malire akamachepa, lichero limapeta mwamphamvu. Pa mawu 30, ndime yoyamba yonse ikadalowa m'liwu limodzi kapena awiri, ndipo malangizo a akatswiri akadangokhala "iyenera kutetezedwa". Choncho nkhani imodzi ilibe chifupikitso chimodzi chokha. Malire ndi amene amauza wolemba kuti atsike pati.

Chichewa chili ndi mphatso yaikulu pa ntchito yofinyayi, imene ophunzira ambiri saigwiritsa ntchito. Mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi kukana komwe. "Sadzabweranso" ndi liwu limodzi, pamene Chingerezi chimafuna mawu asanu kuti chinene zomwezo. Timaphatikizo ta "-ka-" ndi "-ta-" timameza mawu ambiri: "pa nthawi imene mvula yagwa" ndi "mvula ikagwa", ndipo "pambuyo pakuti iye wafika" ndi "atafika". Kamchira ka "-nso" kamalowa m'malo mwa "kachiwiri" kapena "monga kale". Ndiye pali maina omwe amanyamula chiganizo chonse. "Munthu amene amapha nsomba" ndi msodzi. "Nthawi imene mvula siigwa mokwanira" ndi chilala. "Mwana amene makolo ake onse adamwalira" ndi wamasiye. Wophunzira wodziwa mawu ambiri amafupikitsa mosavuta, n'chifukwa chake amene amawerenga manyuzipepala ndi mabuku saona funsoli ngati phiri.

Mphatso yomweyi imasanduka msampha pa pepala la Chingerezi. Wophunzira amene amaganiza m'Chichewa n'kumamasulira amadabwa kuona ziganizo zake zikutupa. "Mvula ikagwa yambiri madzi amabwerera, nsomba n'kuchulukanso" ndi mawu 7, koma m'Chingerezi amafika 10 kapena kuposa. Mawu 100 a Chingerezi amanyamula zochepa kuposa mawu 100 a Chichewa. Timfundo ta papepala lapadera tilembedwe m'chiyankhulo cha mayesowo kuyambira pachiyambi, kuti kugawa mawu kuja kukhale koona.

Pali china chimene chimavuta mwana wokulira m'Chichewa, ndipo si ulesi. Kwathu wokamba nkhani wabwino ndi amene amakometsa. Agogo pa nthano sangonena kuti kalulu adathawa. Amati adangoti phava, liwiro la mtondo wadooka, fumbi kobo. Mkulu pabwalo la milandu sayamba ndi chigamulo, amayamba ndi mwambi, n'kuzungulira, n'kubwereza kuti aliyense amve. Mwana amene waphunzira kuyankhula bwino m'njira imeneyi amamva ngati chifupikitso ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo dzanja limafuna kuthira kamwambi kumapeto. Pa chimangirizo luso limenelo limapatsa malikisi. Pa chifupikitso limadya malo a mfundo.

Komabe luso linalo nalo ndi lathu lomwe. Mwana wotumidwa kukanena uthenga wa maliro kumudzi wina safotokoza matenda onse kuyambira tsiku loyamba. Amanena amene watisiya, liti, ndi tsiku loika. Mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi kapena wa banki m'khonde amamvetsera mkangano wa maola awiri n'kulemba mizere inayi ya zomwe agwirizana. Wowerenga nkhani pa wailesi ya MBC amayamba ndi mitu, chiganizo chimodzi pa nkhani iliyonse. Akuluakulu amene adagwirapo ntchito kutali ndi kwawo amakumbukira telegalamu ya ku positi ofesi, yomwe munthu ankalipira potengera kuchuluka kwa mawu, ndipo uthenga umodzi wamba wa pafoni mpaka lero umalola zilembo 160. Onsewa amasankha chonena ndi chosiya, ndipo palibe amene amakopa.

Nkhani zina za pa mayeso si zofotokoza ngati ya Chilwa, koma zosimba zomwe zidachitikira munthu. Pamenepo mfundo sizikhala m'chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, zimabisala m'zochitika. Mafunso opetera amasintha: nkhaniyi ndi ya yani, ankafuna chiyani, chidamutchinga n'chiyani, adachita chiyani, zidatha bwanji. Kufotokoza kwa nyengo, zovala ndi maonekedwe a nkhope kumatsala. Mawu oyankhulidwa amasanduka onenedwa ndi wina. Ngati nkhani ili ndi mzere wakuti, "Sindidzapondanso pakhomo pano ngakhale mundipemphe chotani," adatero mkuluyo, mawu 8 amenewa amakhala 4: "Mkuluyo adalumbira kuti sadzabweranso." Ndipo ngati mwini nkhani akusimba ndi "ine", wofupikitsa amalemba "wolembayo" kapena "mnyamatayo", chifukwa zimenezo sizidamuchitikire iye.

Cholakwa china chimagwira makamaka ophunzira anzeru. Mwana wa ku Kachulu kapena ku Mposa amaidziwa nyanja ya Chilwa kuposa amene adalemba nkhani ija. Amadziwa za kolera amene amavuta m'zimbowera, amadziwa mtengo wa matemba. Mtima umafuna kuwonjezera. Koma chifupikitso si malo oonetsera zimene munthu akudziwa, kapena zimene akuganiza. Chiganizo chakuti "boma liyenera kuchitapo kanthu" chingakhale chanzeru, koma nkhani sidanene, choncho sichilowa. Njira yodziyesera ndi kutenga chiganizo chilichonse cha chifupikitso n'kuloza ndi chala pamene chachokera m'nkhani. Chosowa polozera chichoke.

Mawu oyambira nawonso amadya malo mwakachetechete. "Nkhani imeneyi ikukamba za" ndi mawu anayi omwe sanyamula kanthu. "Wolemba nkhaniyi akupitiriza kunena kuti" ndi asanu. Pa malire a 60, ziwirizi zadya pafupifupi gawo la mfundo imodzi yathunthu. Mbali inayo kuli ophunzira amene amafinya mopitirira mpaka chifupikitso kusanduka mndandanda wogulira zinthu kumsika: "Chilwa yosazama. Usodzi, ulimi. Chilala, kuuma." Kulemba timfundo ndi luso lina, lomwe pa pepala la Chingerezi lili ndi funso lakelake. Chifupikitso chimafuna ziganizo zomwe zili ndi aneni, zolumikizidwa ndi mawu monga "komabe" ndi "chifukwa", kuti munthu amene sanaione nkhaniyo amve osati zinthu zokha komanso mmene zikugwirizanirana.

Ndiye pali kuwerenga kwenikweniko. Njira yosasocheretsa ndi kutenga chilichonse chimene chaima pachokha pakati pa mipata iwiri ngati liwu limodzi, kaya ndi "a", "ku", "ndi" kapena nambala monga 1995. Kalembedwe ka Chichewa kamakhudza chiwerengero. "Kumudzi" ndi liwu limodzi, koma "ku Zomba" ndi awiri, chifukwa dzina lamwinimwini limalembedwa padera. Ophunzira ena amayesa kuzemba malire polumikiza mawu osayenera kulumikizidwa, n'kulemba "ndianthu" kapena "chifukwacha". Wochonga amaona, ndipo cholakwa cha kalembedwe chawonjezereka pamwamba pa vuto lakale. Mawu okhala ndi nkhodolero, monga "m'nyanja" ndi "n'kusauka", angathe kuwerengedwa mosiyana ndi anthu osiyana. N'chifukwa chake n'kwanzeru kusakhala pamalire penipeni. Chifupikitso cha Chilwa chija chili ndi mawu anayi otere. Wina atawerenga atatu mwa iwo ngati awiriawiri chifika pa 60, ndipo atawerenga onse anayi chifika pa 61. Wophunzira wosamala angachotse "yambiri" kapena "zawo" kuti atsale ndi mpata wopumira, n'kulunjika pakati pa malire, cha pa 55.

Kuwerenga liwu limodzilimodzi kumapeto, nthawi itatha, n'kumene kumabweretsa manjenje aja. N'kosavuta kuwerenga chiganizo chilichonse chikangotha n'kulemba kanambala kakang'ono pambali pa cholemba choyamba: 12, 14, 16, 7, 8. Manambalawo amaonetsa nthawi yomweyo chiganizo chimene chanenepa, ndipo liwu likachoka sipafunika kuyambiranso pa 1. Wophunzira amene amadziwa kuti dzanja lake limalemba mawu pafupifupi 8 pamzere amadziwanso kuti mawu 57 ndi mizere 7 basi, moti akaona wafika pamzere wa 10 sadikira kuwerenga kuti adziwe kuti zalakwika. Chiwerengero cholemba pansi pa chifupikitso chikhale choona. Kulemba 60 pansi pa mawu 75 sikupusitsa munthu amene wakhala akuchonga mapepala otere tsiku lonse.

Ngati funsoli lapatsidwa mphindi 25, pafupifupi theka lake lipite ku kuwerenga ndi kusankha mfundo, cholembera chisanalembe chiganizo ngakhale chimodzi. Ophunzira amaona ngati kutero n'kutaya nthawi, poona anzawo adzaza kale theka la tsamba. Amene adzaza tsambawo ndi omwe adzakhale akufufuta belu likamalira.

Kukonzekera sikufuna buku lapadera. Nkhani iliyonse ya m'nyuzipepala ya mawu pafupifupi 200 ndi yokwanira, ngakhale ya papepala lomwe lakulungira matemba kumsika. Wophunzira aiwerenge kawiri, alembe timfundo, aipereke nyuzipepalayo kwa mnzake kapena kwa mayi ake kuti asaionenso, kenaka alembe mawu 60. Mawa lake nkhani yomweyo aitsitse pa 40. Inu makolo ndi achibale amene muli ndi mwana wa Fomu 4 pakhomo, gawo lanu ndi losavuta ngakhale simudafike kusekondale: musaiwerenge nkhaniyo, mverani chifupikitso chokha, kenaka mumuuze mwanayo zimene mwamva. Pamene mwasochera kapena kufunsa kuti "chifukwa chiyani?", pamenepo ndi pomwe pali mfundo yomwe waisiya, ndipo abwerere akaifune.